Akuti malume sali pamndandanda

Malume anga amwalira Lolemba usiku ku Dedza. Lachiwiri m'mawa ndalowa muofesi ya manijala wa pamalo pomwe ndimapakira katundu kuno ku Joni, maso ali psuu, ndawauza. Atsegula kompyuta, ayang'ana, ndiye akuti: "Pepa, koma malume sali pamndandanda."

Mndandandawo ulipodi, ndauona ndi maso anga. Lamulo la zantchito la kuno la 1997, gawo 27, limapereka masiku 3 pachaka olandira malipiro ngati wamwalira mkazi kapena mwamuna wako, kholo, gogo, mwana, mdzukulu kapena m'bale wako wa bere limodzi. Malume mulibe, apongozinso mulibe. Masiku 3 omwewo ndi amenenso umatapako mwana akadwala, ndipo uyenera kukhala utapitirira miyezi 4 pantchitopo. Ogwira m'nyumba za anthu ali ndi 5.

Tinene kuti andipatsa atatuwo, ndifika nawo pati? Basi yonyamuka pa Park Station Lachitatu m'mawa imafika pa Beitbridge usiku, n'kuima pamzere maola osawerengeka. Kenako Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka pachipata cha Dedza Lachinayi kutada, ngati siinafe panjira. Masiku 2 kupita, 2 kubwera, akwana kale 4 ndisanaponde ndi pasiwa pomwe. Tikiti ndagula ndi ndalama ya katapila. Mwini chipinda akufuna lendi yake pa 1, kaya uli m'chipindamo kaya uli kumanda. Mu Disembala ndinagwira mpaka pa 24 anzanga a konkuno atapita kwawo, palibe amene anatsegula kompyuta kuti aone ngati ndili pamndandanda wa otopa.

Malume sali pamndandanda! Munthu amene anagulitsa ng'ombe kuti ndilembe Folomu 4. Amene ananyamula nkhuku pa chinkhoswe changa, amene anandiperekeza kukatenga pasipoti atavala jekete lawo limodzi lija lakutha m'zigongono. Kwathu kwa Achewa mlongo wa amayi ndiye mwinimbumba, mlandu wako ndi wake, ukwati wako sungamangike iye asanalankhule. Ndipo poti ine ndine wamkulu mwa ana a mlongo wawo, mbumba yonse tsopano ikuyang'ana ine.

Pakamwa ndinalephera, mawu anandithera pakhosi. Usiku ndinakhala pabedi n'kulemba uthenga m'Chingerezi. M'chathu ukunena izi:

"Bwana, malume anga amene anandilera amwalira Lolemba ku Malawi. Ndikudziwa kuti lamulo silitchula malume, koma pamwambo wathu ali ngati bambo anga, ndipo udindo wa banja wagwera ine. Ndikupempha masiku 8 a ntchito, kuyambira Lachitatu lino mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Ulendo wa basi ndi masiku 2 kupita, 2 kubwera. Maliro tiika Lachisanu, mwambo wina ndi Loweruka, kenako zokambirana za banja. Masiku 5 muchotse patchuthi changa chapachaka, atatu otsalawo musandilipire ngati simungawawerenge ngati a maliro. Mnzanga wa shifiti yausiku wavomera kugwirizira malo anga. Ndidzabweretsa kalata ya kuchipatala, kalata ya amfumu ndi zidindo za m'pasipoti. Ndidzakhala pantchito Lolemba lotsatiralo, ndipo basi ikachedwa pachipata ndidzakuuzani tsiku lomwelo."

Tsiku lobwerera ndalilemba dala, chifukwa ukapita osatchula tsiku amati wathawa ntchito, ukafika wapeza wina pamalo pako. Ndawapemphanso kuti ayankhe molemba. Chilolezo chapakamwa chimaiwalika, tinaonera mnzathu wina wa ku Mangochi chaka chatha. Setifiketi ya imfa sindinailonjeze, poti siituluka tsiku limodzi.

Yankho labwera: "Kuika maliro si tsiku limodzi kodi?"

Kuika ndi tsiku limodzi, inde. Koma thupi lili kumotchale kudikira ine, ndipo anthu akugona pasiwa kuyambira Lolemba, akudya ufa wa amayi anga. Adzukulu akafotsera manda, m'mawa mwake pali kusesa. Pali kukathokoza amfumu, kuwerengera chipepeso ndi kubweza ngongole ya bokosi. Pali kukhala pansi ndi akuchikazi kukambirana za munda, za nyumba, za ana awiri amene akadali pasukulu. Zimenezi sizikambidwa pafoni mayunitsi akutha. Ndikanyamuka dothi lapamanda lisanaume, amayi adzayenda bwanji m'mudzimo?

Ndawayankha kuti pempho langa ndi lomwe lija, masiku 8, ndipo chikwama ndalongedza. Ndaikamo shuga, nsalu yakuda ya amayi ndi jekete latsopano limene ndinawagulira malume mu Ogasiti, ndimati ndidzawapatsa pa Khirisimasi. Amayi ati ndibwere nalo, awaveka lomwelo.