Chenjezo kwa inu amene mwapereka nyumba ngati chikole kenako n'kumabisala

Abale anga a kuno ku Kasungu, pali khalidwe limene lafala pakati pathu ndipo likusiya mabanja pabwalo. Munthu amatenga mapepala a nyumba yake kukapereka ku banki kuti abwereke ndalama zolimira fodya kapena zogulira soya. Mitengo ikavuta ku Chinkhoma, iye amasiya kubweza, amasintha nambala ya foni, ndipo kalata yochokera ku banki ikafika amaiponya mu sutikesi osaitsegula, mkazi wake osadziwa kanthu. Akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ichi chokha chimayimba, ndipo chimayimba kwa miyezi. Vuto ndi loti inu mumatseka makutu dala.

Tsiku limene munasaina mapepala aja, banki inakalembetsa chikolecho ku ofesi ya zamalo. Nyumba imakhalabe yanu, mumagonamo, mukhoza kuikamo alendi, koma simungaigulitse popanda banki kuvomera. Pamwamba pa apo, munaipatsa banki mphamvu yogulitsa nyumbayo mukalephera kubweza. Ambiri mumadzinamiza kuti banki iyenera kuyamba yakusumirani, mukaime pamaso pa woweruza, mukalire, mlandu uziyimitsidwa mpaka zaka. Ayi ndithu. Pa malo amene ali m'kaundula wa malo olembetsedwa, lamulo limati mukatha mwezi umodzi musanalipire, banki ikhoza kukutumizirani kalata yokuuzani kuti mulipire. Ikatha miyezi itatu chilandirireni kalatayo inu osachitapo kanthu, banki ili ndi ufulu wogulitsa nyumbayo, kapena kuika munthu woti azitolera lendi m'malo mwanu. Mphamvu imeneyo sikaipempha kukhoti, munaipereka nokha ndi dzanja lanu. Amene mapepala anu ndi a mtundu wina, tsegulani mgwirizano umene munasaina muone zimene unanena pa nkhani ya chidziwitso ndi adilesi yotumizirako makalata. Ngati munapereka bokosi la ku positi limene munasiya kulitsegula kalekale, cholakwacho musachikankhire kwa wina.

Miyezi itatu imeneyo ndiyo mumaiseweretsa. Tiyerekeze bambo wina wa pa tauni pano, nyumba yake akatswiri anaiwerengera kuti ndi ya K25 miliyoni, iye n'kubwerekerapo K10 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 35 peresenti pachaka. Chaka chatha osabwezako kanthu, ngongole yafika K13.5 miliyoni, ndipo apa sindinawerengere chilango chochedwa kulipira chimene mabanki amawonjezera. Iye mumtima akuti palibe chodetsa nkhawa, nyumba ndi ya 25, ngongole ndi ya 13, akagulitsa chenji chambiri chibwerera. Apa m'pamene pagona uchitsiru.

Nyumba yogulitsidwa pa okushoni kawirikawiri sipeza mtengo umene mwini wake akanaupeza pogulitsa mosathamanga. Ogula amadziwa kuti banki ikufuna ndalama msanga, ndiponso amadziwa kuti m'nyumbamo muli banja limene lingavute kutuluka, ndiye amatchula mitengo yotsika. Tinene kuti yagulidwa K17 miliyoni. Ndalamayo sipita m'manja mwa bamboyo. Poyamba amachotsa zimene nyumbayo ili nazo kuboma ndi kukhonsolo, monga lendi ya malo ndi msonkho umene sanalipire. Kenako amachotsa zolipira loya, wogulitsa pa okushoni, wowerengera mtengo wa nyumba ndi zolengeza m'nyuzipepala. Zonsezi tiziike pa K2 miliyoni. Ikatero banki imatenga K13.5 miliyoni yake. Chotsala, chimene lamulo limati chibwerere kwa mwini nyumba, ndi K1.5 miliyoni. Ndalama imeneyo mungamange nayo chiyani lero, ndi mmene simenti ndi malata zakwerera?

Tsono ngati ogula anali ochepa tsikulo, nyumba n'kupita pa K14 miliyoni, akachotsa K2 miliyoni ija pamatsala K12 miliyoni, ndipo ngongole sinathe. Bamboyo alibe nyumba koma akadali ndi ngongole ya K1.5 miliyoni, imene banki ikhoza kumusumira, masherifu n'kubwera kudzanyamula galimoto, ngolo kapena katundu wa m'nyumba ya lendi imene wasamukira. Dzina lake limakalembedwanso kwa amene amasunga mbiri ya obwereka, moti kwina kulikonse akakapempha ngongole adzamuyang'ana kawiri. Mawu oti "angotenga nyumbayo tithane" ndi a munthu amene sanawerengere.

Bambo yemweyo akanatsegula kalata ija tsiku limene inafika, akanapita yekha kukakhala pansi ndi a banki. Mwina akanamutalikitsira nthawi yobweza, pakuti banki ntchito yake si kugulitsa nyumba, imafuna ndalama zake. Zikanakanika, akanapempha chilolezo choti apeze yekha wogula. Ngakhale atatsitsa mpaka K22 miliyoni kuti iyende msanga, akanabweza ngongole yonse n'kutsala ndi ndalama zoposa K8 miliyoni, zogulira puloti kwina n'kuyambanso. Nyumba ndi yomweyo, ngongole ndi yomweyo. Chinamulepheretsa ndi manyazi, kuopa kuti anthu a kutchalitchi amva. Nanga akaiona m'nyuzipepala, nambala ya puloti ili poyera, samva?

Ena mumadalira chiletso cha kukhoti. Mumadikira mpaka chikwangwani chaikidwa pageti, ndiye muyambe kuthamangira ku Lilongwe kukasaka loya. Khoti likhoza kumva ngati banki sinakupatseni chidziwitso choyenera, kapena ngati pali chinyengo pa kagulitsidwe, chifukwa lamulo limafuna kuti banki igulitse mokhulupirika ndi kuganiziranso mwini nyumba. Koma kunena kuti ana ndi ambiri, mvula inavuta, fodya anabwezedwa, zimenezo sizifafaniza ngongole. Ngakhale chiletso mutachipeza, chiwongoladzanja sichigona, chimakwerabe mlandu uli m'kati, ndipo loya naye akufuna zake. Ufulu wanu wowombola nyumba polipira zonse ulipo mpaka pamene yagulitsidwa. Mtengo wa wogula ukangolandiridwa pa okushoni, khomo limenelo latsekeka. Ngakhale zitadzapezeka pambuyo pake kuti banki inalakwitsa penapake, chimene mungamenyere ndi chipepeso cha ndalama, nyumbayo ili ndi mwini wina. Mukakana kutuluka, wogulayo amakatenga chilolezo kukhoti, ndipo katundu wanu amamutulutsa anthu akuona.

Ndili nanu mawu inunso amene mumabwereketsa mapepala a nyumba kwa mlamu, mphwanu kapena mnzanu wa pa bizinesi kuti akatengere ngongole, inu n'kukasaina mukuti "ine ndangomuthandiza, ndalama sindinadyeko". Banki siyang'ana amene anadya ndalama, imayang'ana nyumba imene inalembedwa. Mlamuyo akasowa, mwina wadutsa pa Mchinji kupita ku Chipata, zonse ndafotokozazi zimagwera inu, ndipo nthawi zambiri mumakhala omaliza kumva kuti anasiya kulipira kalekale. Ngati munasaina kale, pitani naye ku banki mwezi uno mukaone sitetimenti ya ngongoleyo ndi maso anu, musamve za pakamwa, ndipo mukatsimikize kuti adilesi ndi nambala ya foni zimene zili m'mafayilo awo ndi zanu zimene mukugwiritsa ntchito lero.

Inu amayi, ngati bambo anatenga mapepala a nyumba m'sutikesi chaka chatha n'kunena kuti akukawasunga pabwino, afunseni usiku uno kuti pabwinopo ndi pati, ndipo akuonetseni kalata yomaliza imene analandira. Muone deti limene lili pamwamba pake, muwerenge miyezi imene yapita.