M wanuyo ndi wamkulu poyerekeza ndi chiyani?

Ndakwiya ndithu. Dzulo mnzanga wina wandidyera madzulo onse akulimbikira kuti samu iyi ilibe yankho:

```
min z = 5x + 8y
0.001x + 0.002y ≥ 2
x, y ≥ 0
```

Ilibe yankho bwanji? Ikani y = 1000, malire akwana, z ndi 8000. Ngakhale mwana angaone.

Chimene anachita ndi ichi: anagwiritsa ntchito njira ya M wamkulu, Big M, pa simpulekisi, yomwe ndi ndondomeko yothetsera masamu otere pa tebulo. Poti malirewo ndi a ≥, anachotsa s, chilembo choimira zopitirira malire, n'kuwonjezera chilembo chongobwereka a, choyenera kuthera pa 0, kuti simpulekisi ipeze poyambira. Mpaka apa palibe cholakwa. Kenako anam'patsa a chilango cha M = 1000, kutanthauza kuti anawonjezera M × a pa z, ati 1000 ndi yaikulu kwambiri poyerekeza ndi 5 ndi 8. Pulogalamu yake inaima pa tebulo loyamba lenilenilo: x = 0, y = 0, a = 2. Iye poona a watsala, basi, "samuyi ndi yosatheka."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Kusunga a = 2 kukudya 2000 yokha, pamene yankho loona likudya 8000. Simpulekisi inasankha chotchipa, monga mwa ntchito yake. Chilango chinachepa, wolakwa n'kukhazikika. Kukweza 2 uja kufika pa 3 kumawonjezera 4000 pa z, ndiye M aliyense wosafika 4000 ndi wamng'ono pano. Nanga 4000 imeneyo mukanaidziwa bwanji musanathetse samuyo? Ndiye nkhani yangayo. M mumachita kulota. Mukulota nambala, n'kumaitcha njira.

Njira ya magawo awiri ilibe zolota. Gawo loyamba, iwalani 5 ndi 8, chepetsani a yekha. Apa y akulowa, akufika 1000, a akutuluka ali 0. Gawo lachiwiri, bwezerani z weniweni, yesani x: 5 − 4000 × 0.001 = 1, sangatsitse mtengo, mwamaliza pa 8000. Ndipo a akakana kufika 0 m'gawo loyamba, pamenepo mukhoza kulumbira kuti yankho kulibe. Ndi M wa nambala, a akatsala simudziwa ngati vuto ndi samu kapena ndi M wanuyo.

Ndikudziwa, anthu amakonda M wamkulu chifukwa tebulo ndi limodzi. Papepala, M akasiyidwa ngati chilembo, zimayenda bwino, sindikutsutsa. Koma mukangom'sandutsa nambala pa kompyuta, mwayamba kulota.

Ndiye pali ena anzeru zawo amene amati ingoikani maziro ambirimbiri. Mnzanga yemweyo atamva zanga anathamangira M = 10^20. Abale! Kompyuta imasunga madijiti pafupifupi 16 okha. Mukaphatikiza 5 ndi chinambala chotero, 5 uja amasowa osasiya ndi fungo lomwe, ndipo pa samu ya malire ambiri zotsalira za kuwerengera zimasokoneza tebulo lonse. Kenako muzidzati kompyuta ndi yabodza.