Bandulo ikutha chifukwa cha fayilo, tisamangonamizira netiweki

Anzanga ojambula maukwati, makwaya ndi zinkhoswe kuno ku Zomba, ndili ndi mawu. Tonse timadandaula kuti bandulo sikuchedwa kutha, ndipo ambiri mankhwala athu ndi kudikira bandulo ya usiku. Ine ndikuti kuchezera kumeneko n'kuzunzika kwachabe ngati vidiyo tikuitumiza momwe yatulukira mu kamera. Yambani mwaichepetsa.

Chimene chimalemeretsa vidiyo ndi bitireti, kutanthauza kuchuluka kwa deta imene sekondi iliyonse ya vidiyoyo ikunyamula. Masamu ake ngosavuta: tengani bitireti mu Mbps, chulukitsani ndi masekondi, gawani ndi 8, yankho lake ndi ma MB. Tinene kuti mwajambula kwaya ku Chinamwali kwa mphindi 20, foni ili pa 1080p, ndipo ikujambula pa 17 Mbps monga amachitira mafoni ambiri. Masekondi ndi 1,200, fayilo ikutuluka 2,550 MB. Netiweki ikamakweza pa 1 Mbps, ndiye kuti mukhalira pomwepo maola asanu ndi mphindi 40. M'maola onsewo magetsi akhoza kuthima, foni kutentha, bandulo kutha zinthu zili pa 80%.

Chowawa n'chakuti YouTube ndi Facebook vidiyo yanuyo amakaipanikizanso okha isanafike kwa oonera. Ndipo azakhali aku Jali adzaionera pa kafoni kam'manja, mwinanso pa 360p posunga mayunitsi. Nanga ma MB munalipira aja apindulira ndani?

Pa laputopu ikani HandBrake, pulogalamu yochepetsera vidiyo, ndi yaulere. Tsegulani vidiyo, sankhani `Fast 720p30`, kenako pitani pa `Video`, dinani `Avg Bitrate (kbps)` n'kulembapo 2500, yomwe ndi 2.5 Mbps. Ambiri amasiya pa `Constant Quality`, ndipo chithunzi chimatuluka bwino ndithu, koma kukula kwa fayilo simukudziwa mpaka ntchito itatha. Munthu wowerengera bandulo afunika adziwiretu. Pa 2500, kuphatikiza mawu, kwaya ija ikutsika kufika pafupifupi 400 MB, ndipo pa netiweki yomwe ija ikukwera ola lisanakwane. Laputopu ikakhala yakale itenga nthawi ndithu, fani ikulira, koma nthawi imeneyo sikudya deta ngakhale pang'ono.

Mawu okha musawakhudze. Asiyeni pa 128 kbps kapena kuposerapo. Mphindi 20 zonsezo mawu akutenga 19 MB basi, ndiye kuwafinya simupulumutsapo kanthu, mungoononga nyimbo. Anthu chithunzi chofooka amachipirira, koma kwaya ikamamveka ngati ikuimbira m'chitini amatseka.

Komatu 2500 si ya vidiyo iliyonse, ndipo apa mpamene ndimasiyana ndi amene amangogawa nambala imodzi. Kupanikiza vidiyo kumadalira kuti zambiri m'chithunzi sizikusintha. Abusa akulalikira ataima malo amodzi, kumbuyo kuli khoma, mukhoza kutsitsa mpaka 1500 osaona kusiyana kwenikweni. Koma akwati mwapita nawo ku Williams Falls kapena kudamu la Mulunguzi, madzi akuthovoka, masamba akugwedezeka, chilichonse chikusintha nthawi imodzi. Chimodzimodzi pelekanipelekani: anthu akuvina, ndalama zikuuluka, zitenje zamaluwamaluwa, kamera ikugwedera. Zojambula usiku nazo zimavuta chifukwa cha timadontho tija timathwanima m'mdima. Zoterezi kwezani mufike 4000, fayilo ya mphindi 20 ikhala cha m'ma 620 MB, yomwe ikadali yochepa kwambiri poyerekeza ndi 2,550.

Mudziwa bwanji kuti mwafinya mopyola? Musayese vidiyo yonse. Pa `Range` sankhani `Seconds`, dulani masekondi 30 a pamene pali chipwirikiti kwambiri, muonere pa foni. Yang'anani nkhope za ovina ndi malo amdima. Mukaona timabokosi, kapena maluwa a chitenje asungunuka n'kukhala phala, onjezerani 500 muyesenso.

Palinso mbava ziwiri zimene zimaba mwakachetechete. Yoyamba ndi `Backup` ya Google Photos. Ikaloledwa kugwiritsa ntchito deta ya foni, fayilo yaikulu ija ikukwera yokha mseri pamene inu mukukweza yaing'ono. Laputopu nayo mukailumikiza ku foni imayesa yapeza intaneti yaulere n'kuyamba kudzitengera zake, choncho pa Windows yatsani `Metered connection`. Yachiwiri ndi kutumiza pa WhatsApp ngati `Document`. Njira imeneyi imalola mpaka 2 GB ndipo sichepetsa kanthu, ndiye mukatumiza fayilo yosafinya mwalipira inu, wolandira nayenso alipira chimodzimodzi.

Vidiyo ikadukira panjira poikweza pa YouTube, musathamangire kufufuta n'kuyambiranso. Bwererani maola 24 asanathe, sankhani fayilo yomweyo osaisintha, ipitirira pomwe inalekera. Ndipo mwini ukwati akafuna vidiyo yonse yosafinya, abwere ndi fulashi tikumane ku Mpondabwino.