Musamafunse kuti nyimbo yeniyeni ndi iti

Anthu amakonda kukangana kuti "malemu aja ndiwo ankaiimba yeniyeni, enawa akungoiwononga." Ine mkangano umenewu sindiuvomereza. Kumene nyimbo sizilembedwa, palibe pamene yeniyeniyo inaikidwa kuti tikaione. Woimba sasunga mawu onse m'mutu ngati mmene tepi imachitira. Amasunga mafupa a nyimbo: maimbidwe ake, kugunda kwake, ndondomeko ya nkhani, ndi timagulu ta mawu tokwana bwino pa mzere. Mnofu amauveka akamaimba.

Umboni wake ulipo. Mu 1935 akatswiri ofufuza a ku America, Milman Parry ndi Albert Lord, ankajambula oimba nyimbo zazitali za ngwazi ku Bijelo Polje, ku Montenegro. Oimbawo amaliza gusle, choimbira cha chingwe chimodzi, ndipo mzere uliwonse umakhala ndi maphatikizo 10. Parry anapempha woimba wina, Mumin Vlahovljak, kuti aimbe nyimbo yomwe woimba mnzake, Avdo Međedović, anali asanaimvepo, Avdo ali pompo kumvetsera. Inakwana mizere 2,294. Mumin atamaliza, Avdo, munthu wosadziwa kuwerenga, anaiimba nthawi yomweyo, n'kufika mizere 6,313. Nkhani sinasinthe. Zomwe zinachuluka ndi zovala za ankhondo, akavalo, zokambirana za anthu. Sanaloweze ayi, anamva mafupa, n'kuwaveka ndi mawu omwe anali nawo kale, oyezedwa kukwana maphatikizo 10 aja. Ndiye mundiuze, yeniyeni ndi iti pamenepa?

Komabe si nyimbo zonse zimasintha chonchi. Yaifupi yoimba gulu imalimba kwambiri, chifukwa ukaphonya mawu anzako amakumiza, mawa lake sumabwerezanso. N'chifukwa chake gawo lovomera limakhalitsa kuposa la wotsogolera, yemwe ali ndi ufulu wolowetsa dzina latsopano kapena nkhani ya dzulo. Chiyambi ndi mbali zobwerezabwereza zimakhala. Ndime zapakati ndizo zimayamba kugwa. Mawu akale omwe anthu sakuwamvanso tanthauzo amasanduka ena omveka mofanana nawo, bola akwane pa kugunda. Mukamva ndime yoimbika bwinobwino koma yosagwirizana ndi nkhani, kawirikawiri yachokera ku nyimbo ina ya maimbidwe ofanana.

Chomwe chimapha nyimbo si kuiwala kwa nkhalamba, koma kutha kwa nthawi yoiimbira. Nyimbo yoperekeza ntchito inayake imazilala ntchitoyo ikatengedwa ndi makina, ngakhale oidziwa akadali moyo, pakuti mwana alibenso poimvera.

Kujambula kumathandiza, sindikukana. Vuto langa n'lakuti tikajambula kamodzi, kuimba kwa tsiku limodzi kumasanduka lamulo, achinyamata n'kuyamba kudzudzula aliyense wosiyana ndi zomwe zili pa foni. Ojambulanu, jambulani woimba yemweyo kawiri kapena katatu, masiku osiyana, pamaso pa anthu osiyana, kenaka mufanizire zomwe wasunga ndi zomwe wasintha.