Wotchi yoonetsa mwezi koma mwezi wake wabodza

Dzulo munthu wina wandikwiyitsa. Wandiika dzanja pamphuno kundionetsa wotchi yake yatsopano, ati iyi si wotchi wamba imaonetsa mpaka mmene mwezi ulili kumwamba, nchifukwa chake ndi yodula. Ndayang'ana pa kawindo koonetsa mwezi kaja, kakuonetsa kamwezi kongotuluka kumene, pomwe usiku wathawu mwezi unali wathunthu mbee! Kumufunsa kuti munaitchera liti, akuti kodi imatcheredwa? Aaa guys ayi. Ndalama zoonjezera zonsezo kulipira chinthu choti chikukunamiza ndipo iwe sukudziwa nkomwe.

Mkati mwake mulibe zamatsenga. Muli kawilo ka mano 59 kojambulidwa miyezi iwiri, kamasuntha dzino limodzi patsiku, ndiye mwezi umodzi umatenga masiku 29 ndi theka. Koma mwezi weniweni umatenga masiku 29, maola 12 ndi mphindi 44. Mphindi 44 zimenezo zimangounjikana, pakatha zaka ziwiri ndi miyezi pafupifupi 8 wotchi yaphonya ndi tsiku lathunthu. Zodula kwambiri zimakhala ndi mano 135, zimenezo zimaphonya tsiku limodzi patatha zaka 122, chabwino ndi luso ndithu, koma zonsezi ndi ngati wotchiyo siinaime olo kamodzi. Wotchi zambiri zopanda batire ukazivula zimangoyenda maola pafupifupi 40 basi nkuima. Waisiya patebulo Lachisanu madzulo, Lolemba yaima, iwe ukonza nthawi yokha nkumapita, mwezi uja watsalira mmbuyo. Ukatero kangapo ndiye kawindo kaja ndi chithunzi chabe.

Chinthu chomwe suchitchera, suchiwerenga, suchigwiritsa ntchito sichiyenera ndalama yako, kaya opanga akuvutika nacho bwanji popanga. Mukugula kuti anthu akuoneni basi. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ngati umayang'anadi mwezi ndipo umaitchera wotchiyo, gula, ine ndilibe nawe mawu. Koma kungovala? Ayi ndakana.

Ndiye pali enanso a kulonogilafu, wotchi ija ya mabatani awiri mmbali yoyezera nthawi. Afunseni manambala ali mmphepetewo ndi a chani, ziii. Chonsecho nzophweka, udina batani poyamba kilomita, udinanso pothera, ngati patha masekondi 30 muvi uloza pa 120 ndiye liwiro lako limenelo, makilomita 120 pa ola. Iwo angodziwa kuti mabatani amaoneka bwino. Wotchi yonenepa yokanika kulowa mu mkono wa shati, tizitsulo tambirimbiri mkati tofunika kutsuka ndi kuthira oyilo, tsiku lomwe muvi waukulu udzakane kubwerera pa 12 wokonza akadzatchula mtengo ndi pomwe mudzayambe kunena kuti akuberani.