Chenjezo kwa a mabizinesi ang'onoang'ono: satifiketi ya bizinesi siiteteza dzina la katundu wanu

Sabata yatha ku Limbe ndinaona mayi wina wa ku Ndirande akulira pakhomo pa golosale, atanyamula mabotolo awiri a tsabola. Limodzi lake, lina la munthu amene sakumudziwa. Botolo lofanana, pepala lofiira lomwelo, chithunzi cha mbaula chomwecho, pa dzina anangosintha lemba limodzi. Tsabola wa mbavayo ndi wamadzimadzi, akuchita thovu, ndipo makasitomala akuimbira mayi uja kumukalipira. Nditawafunsa ngati dzinalo analembetsa, anatulutsa m'chikwama satifiketi ya dzina la bizinesi. Ine mtima unandipweteka.

Ana anga, tidzanena kangati? Pepala limenelo limangosonyeza kuti mukuchita malonda pansi pa dzina lakutilakuti. Silikupatsani umwini wa dzina limene mwamata pa botolo. Chidindo cha MBS ndi cha ubwino wa katundu. Laisensi ya khonsolo ndi ya malo ogulitsirapo. Tsamba la pa Facebook ndiye musatchule n'komwe. Ndani anakuuzani kuti zimenezi ndi mpanda?

Lamulo lilipo, la zizindikiro za malonda la 2018, limene linalowa m'malo mwa lija la 1957. Ofesi ya boma yolembetsa zizindikirozi yakhala muno mu Blantyre zaka zonsezi, ulendo wa minibasi imodzi. Mumayamba mwafufuzitsa ngati wina sanalembetse kale dzina lofanana ndi lanu. Kenako mumapereka fomu, chithunzi cha chizindikiro chanu ndi ndalama yake, n'kutchula gulu la katundu. Magulu alipo 45: tsabola ndi zokometsera ndiwo zili mu gulu 30, chiponde mu 29, sopo mu 3, ndipo chitetezo chanu chimatsata katundu amene mwatchula. Akaunika amalengeza poyera kuti wotsutsa atsutse, ndipo pakapanda vuto mumalandira satifiketi ya zaka 10 imene mumatha kuwonjezera. Chovuta n'chiyani pamenepa? Ndalama ya chikwangwani chowala usiku mumaipeza, ya kulembetsa ndiye ikusowa?

Mayi uja sikuti watheratu, ayi. Makhothi athu amaletsa munthu kugulitsa katundu wake monamizira kuti ndi wa mnzake, ngakhale dzinalo lisanalembetsedwe. Koma katundu yense wa umboni ali pamutu pake, ndipo ayenera kutsimikiza zinthu zitatu. Choyamba, kuti dzinalo lili ndi mbiri, kuti anthu a ku Ndirande, Chirimba ndi Limbe akaliona amadziwa kuti tsabolayu ndi wa mayi uja. Chachiwiri, kuti maonekedwe a botolo linalo akusocheretsa ogula. Chachitatu, kuti malonda ake kapena mbiri yake yawonongeka kapena ili pafupi kuwonongeka. Wolembetsa amangoika satifiketi patebulo n'kuloza kufanana kwa mayina pa katundu wofanana. Wosalembetsa amayamba ndi kutsimikizira woweruza kuti dzinalo ndi lake.

Nanga umboniwo uli kuti? Malisiti a kosindikiza mapepala munakolezera moto. Buku la malonda mulibe, zonse zili m'mutu. Mauthenga a kasitomala wodandaula kuti "tsabola wanu wasintha" mwafufuta chifukwa cha mkwiyo, chonsecho umenewo ndiye umboni wa golide wakuti anthu akusokonezeka! Mukuganiza kuti ku Khothi Lalikulu la zamalonda akamva misozi? Ndinawauza mayi aja kuti agule botolo lachinyengolo, atenge lisiti la tsiku limenelo, ajambule mashelefu pamene mabotolo awiriwo ayandikana, ndipo afunefune invoisi yakale kwambiri yokhala ndi dzinalo. Akatero loya alembe kalata yolamula wokoperayo kuti asiye, ndipo akakana apemphe chiletso ku khothi. Fomu yolembetsa apereke sabata yomweyi, chifukwa mbava ikayamba kufika ku ofesi, mwini dzina ndiye amasanduka wotsutsa, kulipira loya kuti alanditse chake chomwe.

Ena mukangoona dzina lanu labedwa mumathamangira pa WhatsApp kutukwana munthu ndi kumutchula wakuba, ena kutuma anyamata kukaphwanya mabotolo. Mukufuna mlandu wonyoza mbiri ya munthu uwonjezekere pa umene muli nawo kale? Ena mumakhala chete chaka chathunthu, ati Mulungu aona, kenako n'kumakapempha chiletso chachangu. Woweruza adzakufunsani kumene munali miyezi yonseyo.

Ndiye pali inu otcha katundu "Tsabola Wowawa" kapena "Uchi Weniweni" n'kumayembekezera kuti aliyense asiye mawu amenewo. Tsabola wosawawa munamuona kuti? Mawu ongofotokoza katundu ndi a tonse, paokha salembetseka. Inunso omata kachizindikiro ka ® musanalembetse, mukunamiza ndani? Chotsani, n'kulakwira lamulo kumeneko.

Anthu akuluakulu, a ndevu zawo ndi zidzukulu zawo, kumagulitsa zaka ndi zaka pa dzina lopanda pepala. Manyazi bwanji!