Disikileyima sakutanthauza kuti ndalama zabedwa

"Oditala akakana kupereka maganizo ake pa mabuku, ndiye kuti wapeza kuti ndalama zabedwa."

A mtolankhani, apa pokha mwaphonya. Ineyo ndimasunga mabuku a kampani ina yaing'ono ku Limbe. Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, madzi analowa mu ofesi n'kuwononga malisiti, mainivoyisi ndi kompyuta yomwe. Oditala, katswiri wofufuza mabuku a ndalama za kampani, atabwera anasowa pogwira, moti anatipatsa disikileyima, kutanthauza kuti anakana kupereka maganizo ake pa mabukuwo. Sananene kuti mabuku ndi olakwa ayi, anangoti umboni palibe pafupifupi paliponse, choncho sangagamule. Palibe anaba ngakhale tambala, ngakhale ku banki anatiyang'ana ndi diso lofiira.

Chaka chotsatira oditala anatipatsa kwalifayidi, kutanthauza kuti mabuku ali bwino kupatula pena pake. Musanyengedwe ndi dzinali abale, si kukhoza mayeso. Tinali ndi kasitomala wangongole yaikulu amene anatseka shopu n'kuzimiririka, koma abwana anakana kuifafaniza m'mabuku, ati adzabwera. Oditala analemba kuti kupatula ngongole imeneyi, mabuku akuonetsa chithunzi choona. Vutolo linali lalikulu ndithu, koma la malo amodzi.

Pa maganizo onse a oditala, advesi ndiye woopsa. Apo umboni ulipo, ndipo ukusonyeza kuti zolakwika zafalikira mabuku onse, monga kampani yoti ikutsekedwa koma ikuwerengerabe katundu wake ngati bizinesi ipitirira.

Inu mukuti oditala akapereka anikwalifayidi, kutanthauza kuti mabuku onse akuonetsa chithunzi choona, ndiye kuti palibe wakuba, pepani. Oditala amangotapako zitsanzo, sayang'ana lisiti lililonse, ndipo kasiya wotapa K5,000 mwa apo ndi apo akhoza kudutsa osaoneka.